Pasiwedi ya a Maluwa

A Mackson Maluwa anabadwira kwa Kuntaja, pamudzi pomwe ndege zikamatera ku Chileka zimadutsa m'munsi kwambiri mpaka nkhuku kuthawira kunsi kwa nkhokwe. Agogo awo aamuna anachoka ku Mozambique wapansi, mtolo pamutu, n'kudzapempha malo pamenepo. Banja lonse linali la khasu. Mackson yekha ndiye anatuluka wamtundu wina, wokonda kusunga timapepala, woti akabwereka cholembera amabweza chili ndi chitsekerero chake. Anzake ankamuseka kuti adzakhala wansembe, koma sukulu inathera pa Fomu Folo, ndipo chaka chomwe anthu anavota koyamba pa zipani zambiri iye anapeza ntchito ya umesenjala pa kakampani kena koombola katundu pafupi ndi bwalo la ndege.

Kakampaniko n'ka a Dickson, munthu wamawu okweza koma wamtima wabwino. Ntchito yake n'kukonza mapepala a katundu wobwera pa ndege kuti atuluke msanga. A Maluwa anayamba n'kuthamanga ndi maenivelopu, kenako anaphunzira taipi, ndipo kompyuta yoyamba itafika, aliyense akuiopa ngati ili ndi njoka m'kati, iwo ndiwo anakhala pansi n'kuwerenga kabuku kake konse. Sanapite ku koleji iliyonse, ayi. Ankangofunsa, kuyesa, kulakwitsa, n'kulemba m'kope zomwe alakwitsazo. Pofika zaka khumi, makompyuta onse anayi a muofesimo anali m'manja mwawo, ndipo pulinta ikangotsokomola anthu ankakuwa dzina lawo.

Mkazi anamupeza ku Lirangwe, pa ukwati wa mnzawo. Anali Maness, telala wa mayunifolomu a sukulu, mayi woseka mokweza, woti akalowa m'nyumba mumadziwa kuti mwalowa munthu. Anthu ankadabwa kuti awiriwa amacheza zotani, popeza bambo sayankhula ndipo mayi salekeza. Koma anakhala, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi, Tikondane, ndipo kuyambira pamenepo ankaitanana kuti bambo a Tiko, mayi a Tiko.

Tsopano pali chinthu chimodzi chomwe aliyense pa Chileka ankawadziwa nacho a Maluwa: pasiwedi yawo sankauza munthu. Ngakhale mutagwada! Akaunti yawo inali ya adimini, ndiye kuti yokhayo yololedwa kusintha chilichonse pa kompyuta yaikulu ya ofesi, ndipo mawu olowera ankawadziwa iwo okha. Polemba ankabisa zala ndi dzanja linalo ngati mwana wa sukulu pa mayeso. Anzawo ankawatcha Bambo Loko. Iwo ankangomwetulira.

Sikuti anabadwa choncho. Chaka cha 2009 anagona ndi malungo, ndipo mnzawo wina wa pantchito, woti ankadyera mbale imodzi, anawaimbira foni kuti pali pepala lofunika kukonza mwachangu. A Maluwa, mutu ukuwaza, anamuuza pasiwedi. Munthu uja anasintha mapepala, makatoni a mafoni n'kulembedwa kuti ndi mabuku a sukulu. Zitaululika, kompyuta inaonetsa dzina limodzi lokha, la Mackson Maluwa. Anagona m'chitokosi masiku anayi, malungo asanathe n'komwe. Mayi a Tiko ndiwo ankabwera ndi chakudya m'mawa ndi madzulo, maso ali psu, osaseka ngakhale kamodzi. A Dickson anawaikira kumbuyo mpaka choonadi chinaoneka. Tsiku lotuluka, ali m'minibasi, mayiwo anawagwira bondo n'kunena chapansipansi:

"Bambo a Tiko, mawu amenewa musadzauzenso munthu. Kaya ndi mbale wanu, kaya ndi abusa. Ngakhale ine ndemwe musandiuze."

Ndipo sanauzedi munthu kwa zaka khumi ndi zitatu.

Matenda analowa m'nyumba mwawo mwakachetechete. Mayi a Tiko anayamba kudandaula msana, kenako makina osokera anakhala ovindikira sabata zingapo. Atapita ku chipatala m'tauni anauzidwa kuti ndi khansa, ndipo kuti yapita kale patali. Anayesa zoyesa. Mu Seputembala wa 2022 madokotala anawapatsa mankhwala opha ululu n'kunena mwaulemu kuti akapumulire kunyumba. Aliyense anamva chomwe mawuwo akutanthauza. Mayiwo anati ku Chileka ayi, akufuna kwawo ku Lirangwe, m'nyumba ya malemu mayi awo momwe munkakhala mng'ono wawo Dailesi.

A Maluwa anapita kwa bwana wawo kukapempha tchuthi, ndipo a Dickson anagwira mutu. Nanga makompyuta aziwaona ndani? Apa a Maluwa anati asadandaule, nkhaniyo anaikonza kale nthawi ya mliri wa korona. Pali njira yotchedwa Remote Desktop, yoti munthu ali kutali ndi laputopu yake amaona sikirini ya kompyuta ya ku ofesi n'kumaigwiritsa ntchito ngati wakhala pampando wake. Ankayamba alowa mu netiweki ya ofesi kudzera pa VPN, kanjira kotetezedwa ka pa intaneti, kenako n'kuitana kompyuta yaikuluyo pa adiresi yake.

Zinayendadi. Kuseri kwa nyumba ya Dailesi kuli mtengo wa mango, ndipo pamenepo ndi pomwe netiweki ya foni imagwira bwino. Ankaika mpando, laputopu pamiyendo, foni ikupereka intaneti, zenera la chipinda cha wodwala lili poti akatsokomola amamva. Sabata zitatu anagwira ntchito ya ku Chileka ali pansi pa mango ku Lirangwe. Akamaliza ankalowa kukatembenuza mkazi wawo, kumunyowetsa milomo, kumuuza nkhani za ku ofesi zomwe kale analibe nazo nthawi yomuuza. Munthu wosayankhula uja anasanduka wolongolola, poti tsopano mayi ndiwo anali chete.

Lamulungu masana mayi a Tiko anatsegula maso n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Musapite patali, bambo a Tiko," anatero. "Ndikadzuka ndizikupezani."

"Ndipita kuti ine? Ndili pamangopa."

Kuchokera pamenepo mayiwo anagona tulo tolemera. Lolemba lonse sanayankhule.

Lachiwiri m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma, foni inalira. Anali Enifa, kalaliki wa mapepala, mtsikana wa ku Mdeka yemwe anagwira ntchito ndi a Maluwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anafunsa kaye za odwala, kenako anafika pa nkhani. Dzulo lake amisiri ankapenta ofesi, anasuntha matebulo, wina n'kuzula pulagi kompyuta yaikulu ili moyaka. Tsopano yayaka bwinobwino, koma pulogalamu ya mapepala a katundu ikukana kutseguka. Ndipo ndege ya masana ikubweretsa mankhwala a chipatala china cha mishoni, aja osafuna kutentha. Mapepala akapanda kutuluka lero, mabokosi agona.

"Musadandaule, Enifa," anatero a Maluwa. "Ndi kachigawo kosunga zolembedwa kangogona. Ndilowe ndikadzutse, mphindi zisanu."

Anakhala pansi pa mango. VPN inalumikiza bwinobwino. Anaitana kompyuta yaikulu. Kabokosi kanazungulira, kanazungulira, kenako uthenga: sizikutheka kuipeza, mwina ndi yozima, mwina siili pa netiweki, mwina kulowa kwa kutali n'kotseka.

"Enifa, kompyutayo ndi yoyaka?"

"Yoyaka, ankolo. Ndili pamaso pake pompano, ndalowa ndi dzina langa. Intaneti ikugwiranso."

Anamuuza kuti atsegule kawindo kakuda kolembamo malamulo, alembe ipconfig, awawerengere manambala. Enifa anawerenga, ndipo adiresi inali yachilendo, osati ija anaiika iwo. Anayesa yatsopanoyo. Kuzungulira komwe kuja, uthenga womwe uja.

"Ndiye kuti ndi fayawolo," anang'ung'udza. Fayawolo ndi mpanda womwe kompyuta imadzitchingira nawo, wosankha kuti zochokera kunja zilowe ziti, zibwerere ziti. Anamutsogolera Enifa pang'onopang'ono mpaka pa mndandanda wa mapulogalamu ololedwa kudutsa mpandawo.

"Pezani polembedwa Remote Desktop. Kumanja kuli timabokosi tiwiri."

"Ndaona. Pa Private pachongedwa. Pa Public palibe kanthu."

"Ndi mmene ndinaikira. Nanga netiweki yomwe kompyuta ilipo pano akuitcha chiyani?"

"Akuti Public."

Ha! Apo ndiye panali nkhani. Kompyuta ikaona kuti ili pa netiweki ya Public, imadziyesa ili pagulu la alendo, ndiye imatseka zipata. Enifa anati angochonga kabokosi kachiwiriko basi, koma atadina posinthira, inamufunsa pasiwedi ya adimini. A Maluwa ananamizira kuti sanamve. Anafunsa kuti pakona ya sikirini pali chizindikiro cha waya kapena cha wayifayi. Enifa anati cha wayifayi.

"Tasuzumirani kuseri kwa tebulo. Kebulo ya buluu ili pati?"

Kunamveka kukwekwesa mpando, kenako Enifa anaseka. Kebulo inali gone pansi, penti ili waa! Amisiri aja anaizula, kompyuta n'kudumphira yokha pa wayifayi. Ataibwezera, netiweki inabwerera pa Private, adiresi n'kukhala yakale ija.

A Maluwa anapumira m'mwamba. Anadzuka kukasuzumira pazenera. Mayi a Tiko anali chigonere, chifuwa chikukwera n'kutsika. Dailesi ankawakupiza ndi chivindikiro cha katoni.

Anabwerera pampando n'kuitananso. Ulendo uno kompyuta inayankha, inafunsa dzina ndi pasiwedi. Analemba, dzanja lina litaphimba zala ngakhale pansi pa mangopo panali nkhuku zokha. Inaganiza kamphindi, kenako inawabweza: pasiwedi yanu yatha nthawi, muyenera kuisintha musanalowe.

Koma abale! Lamulo loti pasiwedi iliyonse izifa pakatha masiku makumi asanu ndi anayi analiika ndi iwo omwe, ndipo sanadzipatule. Sabata yathayo kauthenga kankatuluka pakona kuwachenjeza kuti masiku atsala asanu, atsala atatu. Ankakaona, n'kunena kuti mawa, poti nthawi zonse m'nyumba munkamveka kubuula. Mawa lakelo linawapeza Lachiwiri limeneli.

"Ndiye ingosinthani konko," anatero Enifa.

"Sizitheka. Pali chija amati Network Level Authentication. Chili ngati mlonda wa pageti, amakufunsa dzina ndi pasiwedi usanaone n'khomo lomwe. Tsamba losinthira pasiwedi lili m'kati. Ine ndi pasiwedi yakufayi sandilola kufika pomwe pali tsambalo."

"Nanga tikamuchotsa mlondayo?"

"Pochotsa pafunikanso adimini. Komanso sitingasiye geti pululu."

A Maluwa anapukuta thukuta m'khosi. Kenako nzeru inabwera. Atalowa ndi akaunti ya Enifa, ali m'katimo akhoza kutsegula tsamba losinthira pasiwedi, kufufuta dzina la Enifa, kulemba lawo, n'kusintha yawo ndi zala zawo, popanda wina kuimva. Asanamalize n'kufotokoza komwe, Enifa anali atatchula kale pasiwedi yake pafoni, mokweza, ngati akutchula mtengo wa tomato. A Maluwa anachita tsinya, koma analemba.

Mlonda uja anailandira. Sikirini inachita ngati ikutseguka, mtima wawo n'kudumpha. Kenako uthenga wachitatu: kulowa kwakanizidwa, chifukwa akaunti imeneyi ilibe chilolezo cholowera patali.

Anadziwa asanafunse, komabe anamuuza Enifa kuti aone gulu lotchedwa Remote Desktop Users, momwe mumalembedwa mayina a ololedwa kulowa ali kutali. Enifa anati mulibe dzina ngakhale limodzi. Inde, munalibe. Adimini salira kulembedwa m'menemo, amalowa ndi udindo wake, ndipo a Maluwa sanaone chifukwa choikamo munthu wina. Kuti Enifa alembedwemo pankafunika adimini. Njira zonse zitatu zinathera pakhomo limodzi, ndipo khomolo analikhoma ndi iwo eni, mosamala, chaka ndi chaka.

Chotsala chinali chimodzi, chophweka mochititsa manyazi. Enifa atuluke mu akaunti yake, alembe dzina la a Maluwa pa kompyuta pomwepo, alembe pasiwedi yakaleyo. Munthu akakhala pamaso pake, kompyuta imamulola kuika yatsopano. Akatero awauze yatsopanoyo, iwo alowe ali ku Lirangwe, aisinthenso nthawi yomweyo. Enifa akanakhala ndi mawuwo mphindi zosakwana zisanu. A Maluwa ankadziwa zimenezi kuposa munthu aliyense.

Foni inasintha dzanja, kunamveka mawu a a Dickson.

"A Maluwa, ndamva zonse. Muuzeni mwanayu pasiwediyo, ine ndaima pompano ndikuona. Musavutike."

"Bwana..."

"Enifa ndi wakuba? Mwakhala naye zaka zingati?"

"Si wakuba, bwana."

"Nanga?"

A Maluwa anatsegula pakamwa. Zoona, anatsegula. Mawuwo anali palilime, zilembo khumi ndi ziwiri. Koma chomwe chinabwera ndi fungo la chidebe cha m'chitokosi, ndi nkhope ya mayi a Tiko pawaya atanyamula kontena ya chakudya. Uja wa 2009 nayenso sanali wakuba mpaka tsiku lomwe anaba.

"Ndikubwera, bwana. Ola limodzi ndafika."

"Iyayi, a Maluwa! Muli ndi matenda inu. Musabwere!"

A Maluwa anadula foni.

Musawaweruze msanga, ngakhale kuti zimapsetsa mtima. Munthu akasunga lamulo limodzi zaka khumi ndi zitatu, lamulolo limayamba kumusunga iyeyo. Anawerengera m'mutu: ola kupita, mphindi khumi kukonza, ola kubwera. Odwala sanadzuke chiyambire Lamulungu, ndiye angadzuke m'maola awiri omwewa? Analowa m'chipinda n'kuima kumiyendo kwa bedi. Anafuna kuwagwedeza kuti atsanzike, koma anaopa kuwadzutsira ululu.

Dailesi anawatsatira pakhonde ataona avala nsapato.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Ku ntchito pang'ono. Maola awiri basi."

"Achemwali anati chiyani Lamulungu?"

"Ndikudziwa, alamu. Ku Chileka si kutali. Akangotembenuka mundiimbire."

Dailesi anangowayang'ana mpaka anakhota pa njira ya kumsewu.

Minibasi anaipeza msanga, ndipo anati Mulungu ali nawo. Koma itafika pa Lunzu anthu anatsika ambiri, ndipo dalaivala anati sanyamuka ndi mipando yopanda anthu. Kondakitala anayamba kuitanira. Galimoto inkapita kutsogolo pang'ono, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kunamiza anthu kuti ikunyamuka. A Maluwa, munthu woti sanakalipirepo kondakitala chibadwire, anamenya chitseko ndi chikhatho mpaka amayi ena anawafunsa ngati zili bwino. Anatulutsa foni kuti aone nthawi, n'kupeza yazima. M'mawa wonse inali ikupereka intaneti ndi kuyankhula ndi Enifa, ndipo pothamanga sanaganize za batire. Anaibweza m'thumba. Pa Kameza anatsika n'kukwera njinga yamoto, fumbi ndi dzuwa zili kumaso.

Analowa muofesi nthawi itapitirira 12 koloko. Fungo la penti linali thoo. Enifa anaimirira, a Dickson anapukusa mutu n'kutuluka panja. A Maluwa anapatsa Enifa foni kuti aitchaje, anakhala pampando wawo, analemba pasiwedi yakale, kompyuta inapempha yatsopano, anaika. Anadzutsa kachigawo kanagona kaja. Pulogalamu inatseguka, pulinta inayamba kulavula mapepala a mankhwala. Enifa anayang'ana wotchi ya pakhoma. Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi imodzi.

Ndipo poti anali a Maluwa, sanadzuke pomwepo. Analemba dzina la Enifa m'gulu la ololedwa kulowa patali, anamupangira a Dickson akaunti yachiwiri ya adimini n'kuwaitana kuti aike okha pasiwedi yawo. Zinthu zoti akanachita zaka zapitazo anazichita masana amenewo. Ali m'kati motero foni ija inayaka pa tebulo la Enifa, n'kuyamba kulira timauthenga totsatizana.

"Ankolo," anatero Enifa chapansipansi, "a Dailesi anakuimbirani kasanu ndi kawiri."

Anaimba ali chiimire. Dailesi anayankha kulira koyamba.

"Alamu, muli kuti? Foni yanu bwanji?"

"Inazima. Kwachitika chiyani? Atisiya?"

"Ayi, alipo. Anadzuka. Anakhala tsonga, anamwa phala, ankakufunsani."

"Apatseni foni! Ikani kukhutu!"

Kunkamveka nkhuku ndi mpweya wa Dailesi.

"Agonanso, alamu. Angogona kumene."

A Dickson sanadikire kupemphedwa. Anatulutsa galimoto yawo n'kuyendetsa okha kuchokera ku Chileka mpaka ku Lirangwe. Pa Lunzu anadutsa osaima. A Maluwa anatsika galimoto isanaimitsitse, anapunthwa pakhonde, analowa m'chipinda. Pampando panali kapu ya phala yomwedwa theka, supuni ili momwemo. Mayi a Tiko anali atavala mpango wina, wamaluwa ofiira, womwe ankaukonda popita ku tchalitchi. Anali m'tulo.

"Mayi a Tiko, ndabwera. Ndine. Ndabwera."

Chifuwa chinkakwera n'kutsika, basi.

A Maluwa sanachokenso pambali pa bedilo. Madzulo Enifa anatumiza uthenga kuti mankhwala atuluka bwino ndipo anyamulidwa, iwo sanauwerenge. Lachitatu Tikondane anafika kuchokera ku Mzuzu komwe amaphunzitsa, anagwada n'kuitana mayi ake mpaka mawu anasasa. Amayi a mvano anabwera kudzaimba. A Maluwa anagwira dzanja lija tsiku lonse, akuyankhula, akupepesa, akufotokoza za kebulo ndi za minibasi ngati kuti wodwalayo wawafunsa. Nthawi zina chala chinkagwedezeka, iwo n'kudzuka kuitana anthu, koma sichinali kanthu. Lachinayi dzuwa likutuluka, mayi a Tiko anapuma komaliza osatsegulanso maso.

Maliro anali aakulu, poti theka la ana a sukulu za kumeneko linavalapo yunifolomu yosokedwa ndi manja awo. Anthu a ku Chileka anabwera pa lole. Enifa analira kuposa achibale ena, ndipo mpaka lero amati akanangonama kuti kompyuta yapsa, a Maluwa sakananyamuka. A Maluwa sanamuimbe mlandu, ndipo sanaimbe mlandu amisiri a penti, kapena kondakitala wa pa Lunzu. Ankadziwa yemwe anakhoma zitseko zija.

Ntchito akugwirabe. Tsitsi layera, ndipo muofesimo dzina loti Bambo Loko linafa lokha popanda woletsa. Anthu atsopano amangowadziwa ngati mdala wachifatse amene amafika m'mawa kuposa onse.

Koma panali funso lomwe anakhala nalo masiku onse a maliro osalimba mtima kulifunsa. Analifunsa tsiku lomwe anthu anabalalika, akumanga chikwama kuti abwerere ku Chileka. Dailesi ankatsuka miphika yobwereka kuseri kwa nyumba. Anaima pafupi naye nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Alamu, tsiku lija. Tandiuzeni bwinobwino."

Dailesi anaika mphika pansi n'kupukuta manja pachitenje.

"Mutangochoka, sipanathe ola. Ndinangomva akuti, Dailesi, ndili ndi njala. Mawu abwinobwino, ngati a kale aja. Ndinawakhazika tsonga. Anati ndiwapukute kumaso, ndiwamange mpango wabwino, bambo a Tiko asandione ngati chiwanda. Mpaka anaseka, alamu. Kenako anati kawaitane pamangopo."

"Munawauza chiyani?"

"Ndinati mwapita pamsika, mukubwera. Ndikanati chiyani?"

A Maluwa anaika chikwama pansi.

"Ananena kuti akufuna chiyani?"

"Anati ali nanu mawu."

"Mawu anji?"

"Ndinawafunsa, alamu. Nditaona kuti foni yanu sikugwira ndipo maso ayamba kulemera, ndinati achemwali, ndiuzeni ine, ndiwafikitsira ndithu osasiyako. Anapukusa mutu. Anati ayi, amenewa ndi a iwo okha, ndiwadikira."

Dailesi anatolanso mphika uja, koma sanautsuke.

"Anadikiradi. Ola lathunthu ali tsonga, maso ali pakhomo."